Tebulo lakale lili ndi timabowo, ndigule?

Abale anga a kuno ku Mangochi, ndithandizeni nzeru. Ndapeza tebulo ndi mipando yake pamsika, zogwiritsidwapo kale ntchito. Wogulitsa akulumbira kuti ndi mlombwa, koma wazipaka vanishi wokhuthala moti thabwalo silikuoneka bwino.

Nditalitembenuza ndaona timabowo ting'onoting'ono kunsi, ndipo pogogoda pakugwa fumbi longa ufa. Kodi chimenechi ndi chiswe kapena anankafumbwe? Dothi lomwe chiswe chimamata sindinalione. Ndikathira mankhwala zingathe, kapena zidzalowanso m'mitengo ya denga langa?

Mwendo umodzi ndi wofewa kunsi, chikhadabo chikulowa, ngati unkakhala pachinyezi. Mipando iwiri ikugwedera molumikizira, ndipo wina anakhomapo misomali m'malo mwa guluu. Akalipentala, zoterezi zimakonzeka, kapena ndingotaya ndalama?