Ndathira agoni, puresha yakwera, nanga bwanji amoniya sakuchuluka?

Mnyamata wa ku Bvumbwe:
Akuluakulu a kemisitire m'gulu muno, ndithandizeniko. Ndili kumudzi, ndikuwerengera mayeso obwereza, koma funso limodzi landisowetsa tulo. Ndi la kapangidwe ka amoniya:

N2(g) + 3H2(g) ⇌ 2NH3(g)

Anafunsa kuti zonse zili pa ikwilibiliyamu mu silinda yotseka, ndiye tathiramo agoni, chichitike n'chiyani? Ine ndinati agoni akweza puresha, ndipo lamulo la Le Chatelier limati puresha ikakwera zinthu zimathawira komwe kuli mamolo ochepa. Kumanzere alipo 4, kumanja 2, choncho amoniya achuluka. Anandichonga kuti ndalakwa, malikisi onse anapita. Ndalakwitsa pati? Sindikufuna kungoloweza yankho, ndikufuna ndimvetse.

Nachisale:
Achimwene, agoni sagwirizana ndi mpweya wina uliwonse m'menemo, ndiye sasintha kanthu. Ukangoona agoni kapena hiliyamu pa funso, lemba kuti palibe kusintha. Ife tinakhoza choncho.

Aphunzitsi a ku Chitakale:
A Nachisale, pa funso ili yankho lanu n'lolondola, koma mukaligwiritsa ntchito paliponse tsiku lina lidzakugwetsani. Zimatengera kuti agoniyo wathiridwa mu chiyani.

Iwe wa ku Bvumbwe, tenga pepala tiwerengere limodzi. Manambala ndangowasankha kuti masamu asavute. Silinda yachitsulo ya lita imodzi, muli molo 1 ya N2, molo 1 ya H2 ndi mamolo 2 a NH3, ndipo zili pa ikwilibiliyamu. Nambala ya ikwilibiliyamu, K, timaipeza ndi mamolo pa lita chonchi:

K = [NH3]² / ([N2][H2]³) = 2² / (1 × 1³) = 4

Tsopano popera mamolo 4 a agoni. Poyamba munali mamolo 4, pano muli 8, ndiye geji ionetsa kuti puresha yawirikiza kawiri. Apo sunaname. Koma yang'ana m'fomulamo. Silinda sinakule, ikadali lita imodzi. Naitirojeni akadali molo 1 pa lita, haidirojeni chimodzimodzi, amoniya akadali 2. Ukawerengera Q, yomwe ndi fomula yomweyo koma ndi manambala a pakali pano, ikutuluka 4 yomweyo, yofanana ndi K, ndiye palibe chosuntha. Puresha yonse yowonjezerayo ndi ya agoni yekha, ndipo agoni mulibe m'fomula.

Kukweza puresha kumene lamulo lija limanena n'kofinya mpweya, kuchepetsa malo. Pamenepo m'pamene mamolo pa lita amasintha. Iwe unakhulupirira geji, pomwe geji imaphatikiza zonse.

Ndiye tisinthe chinthu chimodzi. Silinda ikhale ya pisitoni yoyenda, puresha isasinthe. Ukathira mamolo 4 a agoni aja, pisitoni ikwera mpaka malo afike malita 2. Tsopano chilichonse chasukuluka ndi theka:

Q = 1² / (0.5 × 0.5³) = 16

Q yaposa K. Kuti itsike ibwerere pa 4, amoniya wina ayenera kusweka, zinthu zibwerera kumanzere. Agoni yemweyo, wosagwirizana ndi kanthu, wachepetsa amoniya. Ku mafakitale a feteleza amazidziwa bwino izi. Naitirojeni amamutenga mu mpweya womwe timapumawu, umene uli ndi agoni pafupifupi 1 peresenti. Mpweya wotsala umazungulira kubwereranso mu makina, agoni n'kumaunjikana, ndiye amataya gawo lina la mpweyawo kuti asachuluke.

Mayi a thobwa ku Luchenza:
Ine sukulu ya zimenezi sindinafike nayo patali, koma thobwa langa ndikatseka m'botolo n'kuliika padzuwa, botolo limalimba gwa, nthawi zina chivindikiro n'kuuluka. Si puresha yomweyi mukunenayi?

Aphunzitsi a ku Chitakale:
Mayi, puresha ndi yomweyo, koma thobwa lanu likadasasa, likungotulutsa mpweya watsopano, silinafike poti mbali ziwiri zalingana. Chofananako ndi botolo la zoziziritsa kukhosi lomwe mwamwako theka. Mutapoperamo mpweya wamba ndi pampu, botolo lilimba ndithu, koma chakumwacho chidzasuluka chimodzimodzi. Mpweya wa CO2 umatuluka m'madzi mpaka puresha yakeyake pamwambapo itakwana, sulabadira za mpweya wina umene mwaikamo.

Wa mainjiniya ku Goliati:
Ndiwonjezereko pamwamba pa aphunzitsi. Pali pena pomwe lamulo losavutali limanama poyera, osati chifukwa walimva molakwika. Tonse tinaloweza kuti ukawonjezera cha kumanzere, zinthu zimapita kumanja. Tayesani ichi pa silinda ya pisitoni, puresha ndi kutentha zosasintha. Muli mamolo 6 a N2, 2 a H2, 2 a NH3, onse pamodzi 10, ndipo tinene kuti malo ndi malita 10. Mukasanja fomula ndi mamolo imakhala chonchi:

Q = n(NH3)² × V² / (n(N2) × n(H2)³)

Poyamba: 4 × 100 / (6 × 8) = 8.33, imeneyo ndiye K. Onjezani molo 1 ya naitirojeni. Malo akhala malita 11.

Q = 4 × 121 / (7 × 8) = 8.64

Q yakwera! Mwathira naitirojeni, koma amoniya akuchepa. Chifukwa chake n'chakuti naitirojeni watsopanoyo wakankha pisitoni, haidirojeni wasukuluka, ndipo haidirojeni ali ndi mphamvu ya 3 m'fomula pomwe naitirojeni ali ndi 1 yokha. Izi zimachitika naitirojeni akaposa theka la mamolo onse. Akakhala wochepera theka, lamulo limayenda bwinobwino. Tsiku lomwe ndinaziona koyamba ndinabwereza masamu katatu, ndimayesa ndaphonya penapake.

Nachisale:
Koma abale. Chabwino, ndavomera za pisitoni. Nanga ndikatenthetsa silinda yotseka ija? Puresha ikwera, ndipo ulendo uno ndi ya mpweya weniweniwo, si ya agoni. Amoniya sachuluka apo?

Aphunzitsi a ku Chitakale:
Ayi, achepa. Malo sanasinthe, mamolo sanasinthe, ndiye mamolo pa lita ali pomwepo. Chomwe chasintha ndi K. Kutentha kokha ndi kumene kumasintha K, zina zonse takambazi zikasuntha kanthu zimasuntha Q basi. Kupanga amoniya kumatulutsa kutentha, pafupifupi 92 kJ pa ikwezhoni monga yalembedwera pamwambapa, choncho mukatenthetsa K imatsika. N'chifukwa chake njira ya Haber imayenda cha m'ma 450 °C ndi katalisiti wa chitsulo. Pozizira amoniya akanachuluka, koma mukanadikira mpaka kutopa.

Wa mainjiniya ku Goliati:
Aphunzitsi, pa agoni mu silinda yotseka ndikutsutsaniko pang'ono. Zoti palibe chosintha n'zoona ngati tikuyesa kuti mamolekyu sakokana kapena kupanikizana. Pa puresha ya ku fakitale, cha m'ma 200 atm, zimenezo sizikhalanso zenizeni, ndipo agoni wambiri atha kusuntha zinthu pang'ono.

Aphunzitsi a ku Chitakale:
Sindikukana, koma mwanayu akalemba zimenezo pa funso la malikisi 2 asokoneza wochonga.

Mnyamata wa ku Bvumbwe:
Zikomo kwambiri aphunzitsi, zikomo achimwene a ku Goliati. Ndabwereza masamu onse, 16 ndi 8.64 zanditulukira. Koma ndapeza pepala lina lakale lomwe langoti agoni wathiridwa, osatchula ngati chosasintha ndi malo kapena puresha. Pamenepo ndilembe ziti?

Nachisale:
Lemba kuti palibe kusintha, amatanthauza silinda yotseka.

Aphunzitsi a ku Chitakale:
Ine ndikanalemba zonse ziwiri, chilichonse ndi mzere wake wa Q. Tajambula funsolo ulitumize pano, mwina pali mawu ena omwe wawadumpha.