Mabatire ndatchaja ndekha, osagwiritsa ntchito, koma atha. Andilodza kodi?

Mayi a Mapasa: Abale ndithandizeni, mtima ukundiwawa. Ndinatchaja mabatire anayi mpaka tchaja inayaka gilini, ndinawasunga bwinobwino. Dzulo usiku mwana watentha thupi, ndiyatse tochi, yangoti phethe kenako zii. Bambo a kunyumba akuti ndine wosasamala, chonsecho tchajayo mlamu wanga anaibwereka n'kubweza chingwe chili chomatamata, sananene ndi pepani yemwe. Iyeyo ndi yemwe anandithyolera ambulera. Ndigule ena kapena vuto ndi tchaja?

Kadzidzi: Vuto ndi alamuwo mayi. Tchajani iwowo.

Mfumu ya Lithiyamu: NDAKHALA NDIKUNENA PANO! Tochi ya pangozi ikani mabatire a lithiyamu basi. Amakhala zaka mpaka 20 m'kabati, pachaka sataya ndi 1% yomwe ya moto wake. Enawa ndi zidole.

Gogo Wawailesi: Mwana ali bwanji kaye? Ndiye mwatiuza za ambulera, koma simunanene kuti pabatirepo palembedwa chiyani, munatchaja liti, ndipo anali m'tochi kapena panja.

Nachisale wa Pa Intaneti: Inenso foni yanga ikafika 30% imangozima. Chimodzimodzi.

Mfumu ya Lithiyamu: Za foni zikubwera bwanji apa achemwali? Iyo ndi lithiyamu yotchaja, ine ndikunena wosatchaja.

Mnyamata wa Rimoti: Alikalayini, mabatire wamba osatchaja aja, ali bwino, musawanyoze. Pachaka amataya 2 kapena 3% yokha, zaka zisanu mpaka khumi amakwana. Anga ndimasunga m'firiji, sathanso.

Mfumu ya Lithiyamu: Ali bwino?? Anandidyera wailesi amenewo! Ndinatsegula kumbuyo n'kupeza zoyera ngati mchere zitaundana pa sipuling'i, kachitsulo katadyeka mpaka kuthyoka m'manja. Tsiku lolembedwa pabatire linali lisanakwane n'komwe.

Gogo Wawailesi: Achimwene, tsikulo ndi la batire logona m'paketi pamalo ozizirira, osati lomwe latheratu n'kusiyidwa m'wailesi. Likatero mpweya umachuluka mkati, chotsekera chimagonja, madzi ake oyabwa aja amatuluka. Za firiji, zoona kuzizira kumachedwetsa, koma 2% pachaka mukupulumutsapo chiyani? Mungowonjezera chinyontho chochititsa dzimbiri.

Mayi a Mapasa: Mwana ali bwino agogo, zikomo. Palembedwa AA NiMH 2700 mAh. Ndinatchaja miyezi inayi yapitayo. Anali m'kachikwama m'galimoto, chifukwa m'nyumba mlamu amatola chilichonse.

Gogo Wawailesi: Eya, nkhani ndi imeneyotu. Palibe wakulodzani. NiMH ndi mtundu wa mabatire otchaja, ndipo 2700 mAh ndi kuchuluka kwa moto womwe batire lingasunge. NiMH wamba amadzidya yekha ngakhale asanalumikizidwe ku kanthu, ndipo a nambala yaikulu ngati 2700 ndi amene amafulumira. Tiyerekeze kuti mwezi uliwonse akutaya gawo limodzi mwa magawo anayi a moto wotsala. Mwezi woyamba 2700 itsika kufika cha m'ma 2000, wachiwiri 1500, wachitatu 1100, wachinayi 850. Kumeneko ndi m'chipinda. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, liwiro lotayira limatha kuwirikiza kawiri, ndiye ganizirani galimoto yoima padzuwa mawindo ali otseka. Kupeza opanda kanthu si zodabwitsa.

Musanataye chilichonse, atchajeni, ikani awiri m'tochi muone maola amene iyake. Awiri enawo asiyeni m'nyumba milungu iwiri, kenako muyese chimodzimodzi. Akayaka pang'ono ngakhale atangochoka pa tchaja, ndiye kuti sakudzaza: tchaja kapena mabatire okalamba. Akayaka bwino lero koma a milungu iwiri n'kufooka kwambiri, tchaja ilibe mlandu.

Mnyamata wa Rimoti: Angoyeza ndi mita yoyezera magetsi, zophweka.

Gogo Wawailesi: Mita imanamiza pa NiMH. Imaonetsa cha pa 1.2 V batire likhale ndi theka kapena litsale pang'ono kufa.

Mfumu ya Lithiyamu: Mwaona? Mavuto okhaokha. LITHIYAMU! Kuzizira kaya kutentha alibe nazo ntchito, komanso ndi wopepuka.

Kadzidzi: Bwana, amakulipirani zingati?

Gogo Wawailesi: Pa tochi yongodikira tsiku la tsoka, a Mfumu akunena zoona, kungoti amakuwa. Koma anene zonse: lithiyamu wosatchaja wa AA wa 1.5 V osamuika pa tchaja, angaphulike. Alipo ena ofanana msinkhu olembedwa 14500, awo ndi 3.7 V, angawotche tochi. Ngati mumaigwiritsa ntchito kawirikawiri mayi, funani NiMH osataya moto msanga, monga Eneloop amene Sanyo inatulutsa mu 2005. Nambala yawo ndi yaing'ono, cha m'ma 2000 mAh, koma chaka chikatha amakhala akadali ndi pafupifupi 85%.

Mfumu ya Lithiyamu: 85 si 99 agogo.

Mayi a Mapasa: Ndiye mukuti ang'onoang'ono a 2000 aposa anga a 2700? Ine ndinasankha dala nambala yaikulu. Ndawaika pa tchaja, koma limodzi layamba kutentha kuposa anzake. Ndilo lakufa kapena ndi chingwe cha mlamu chija?