Kusinthana shifiti pa apu ya abwana

"Ndine wa ku Mangochi, ndili pa ntchito kunja. Ndinasinthana shifiti ndi mnzanga pa apu, koma andidula malipiro a tsikulo. Ndinaphonya pati?"

Achimwene, tawona zithunzi za foni zomwe mwatumiza. Pempho lanu linaima pa "Pending". Mawu amenewa akutanthauza kuti nkhani ikadali m'njira. Mnzanuyo atadina "Accept" anangovomera mbali yake. Pa mapulogalamu ambiri kusinthana kumatheka pokhapokha kapitawo atavomereza, pamenepo pamalembedwa "Approved" ndipo dzina lanu limachoka pa tsikulo. Lanu silinachoke, choncho makina anakuwerengani ngati mwajomba. N'zowawa, chifukwa ntchitoyo inagwiridwa ndithu.

Tsegulani pepala la malipiro. "Gross pay" ndi ndalama zonse asanadule, "Net pay" ndi zimene zalowa ku banki. Mwa chitsanzo, masiku 22 a maola 8 ndi maola 176. Mukapeza 168, ndiye kuti tsiku lathunthu lasowa. Onaninso ngati tsiku limene munagwira m'malo mwa mnzanuyo lalembedwa pa dzina lanu, chifukwa mwina lapita kwa iye. Tumizani zithunzizo kwa kapitawo polemba uthenga, osangouzana pakamwa, ndipo mutchule madeti onse awiri.

Pa tchuthi samalani ndi "Unpaid leave". Imeneyo ndi yopanda malipiro, pomwe "Annual leave" imachotsedwa pa masiku anu a pachaka. Musagule tikiti yobwerera kumudzi pasanalembedwe "Approved".