Za pawa banki ija: ndapeza yankho

Ndinafunsa kuti: "Kodi ndingatchaje foni pa pawa banki iyo ikutchajidwanso?"

Zikomo nonse amene munayankha. Ndinatsatira malangizo a achimwene amene anati ndiyang'ane mawu akuti pass-through, osonyeza kuti pawa banki imatha kutchaja foni iyo ikutchajidwanso, pa bokosi kapena pa kapepala kake. Pa yanga palibe. Nditayesa, foni inkatchaja n'kumadukiza, pawa banki n'kutentha kwambiri. Tchaja yanga imatulutsa 5V 2A basi, ndiye foni ikatengako moto, wotsalira pawa banki umachepa, ndipo kutenthako kumafooketsa batire.

Ndinagula tchaja ina ku Limbe. Magetsi akabwera kuno ku Ndirande, chilichonse chimatchaja pachokha ndipo zonse zimadzaza msanga.

Ngati pawa banki yanu yalembedwa pass-through mutha kutchajirapo foni iyo ikutchajidwanso, koma muziika patebulo, osati pamatiresi. Ikayamba kutupa kapena kununkha, chonde musaigwiritsenso ntchito.