Maminitsi a msonkhano wa sitafu: mnzathu watchulidwa dzina pa nkhani ya likasa, ndilembe bwanji?

Mlembi Wotopa

Aphunzitsi anzanga, ndithandizeni msanga, a hedi akufuna maminitsi mawa m'mawa. Lachiwiri tinali ndi msonkhano wadzidzidzi wa sitafu pa za moku, pepala la Bayoloje. Ana 14 mwa 62 alemba yankho limodzimodzi pa funso 7, ndipo yankholo ndi lolakwika ndendende mmene linalakwikira mu sikimu yochongera. Amene anagwidwa ndi likasa m'chipinda ndi mwana mmodzi yekha. Mumsonkhanomo madamu wina anaimirira n'kunena mosapsatira kuti amene anakonza pepalalo ndiye analigulitsa. Bamboyo anakana, anati sikimu inagona masiku awiri ku ofesi yosindikizira, kenako anatuluka msonkhano usanathe. Tsopano a hedi akuti dzina lisaoneke paliponse, ndingolemba kuti "panakambidwa za mayeso" basi. Madamu aja akuti ndikasintha liwu limodzi okha sadzavomereza maminitsiwo. Ine ndatsala ndi masamba asanu a zolemba pamanja, theka lake kukalipirana kokhakokha. Nditani?

Mdala wa Masamu

Lembani zonse mmene anayankhulira. Liwu ndi liwu, dzina ndi dzina. Munthu akalankhula pamsonkhano adzisenzere yekha mawu ake. Inu simunatume aliyense.

Mayi Depyute

Aphunzitsi, musamvere a hedi ndipo musamvere madamuwo. Onse awiri akufuna maminitsi awagwirire ntchito yawo. Tengani masamba anu asanuwo, mulembe chizindikiro m'mphepete mwa chiganizo chilichonse: ichi n'chimene wina anaona kapena kuwerenga ndi maso ake, ichi n'chimene wina ananena popanda kuonetsa umboni, ichi n'chimene msonkhano unagwirizana. Zimene sizikulowa m'magulu atatuwa, monga kutukwanizana ndi za chaka chatha, zisiyeni m'kope mwanu.

Zooneka ndi maso mulembe ndi manambala komanso ndi udindo wa amene anapereka lipotilo. Mwachitsanzo: "Wochonga pepala la Bayoloje anafotokoza kuti mapepala 14 mwa 62 ali ndi yankho lofanana pa funso 7, ndipo yankholo likufanana ndi cholakwika chimene chili mu sikimu. Woyang'anira chipinda anafotokoza kuti anapeza kapepala kolembedwa pamanja pa desiki ya wophunzira mmodzi." Onani kuti sindinalembe kuti ana 14 anabera. Zimenezo palibe amene wazitsimikizira. Chimene chatsimikizika n'choti mayankho akufanana.

Za chinenezocho, sichingachoke chifukwa chinanenedwadi, anthu onse anamva. Koma chiyende limodzi ndi yankho lake, m'ndime imodzi: "Membala wina ananena kuti akukayikira kuti pepala linatuluka kudzera mwa amene analikonza. Palibe umboni umene unaperekedwa pamsonkhano. Wokonza pepalayo anakana, ndipo anati sikimu inakhala masiku awiri ku ofesi yosindikizira. Msonkhano sunagamule chilichonse pa mfundoyi." Chiganizo chomalizachi ndicho chidzakupulumutseni.

Mlembi Wotopa

Zikomo mayi. Nanga za kutuluka kuja? Anamenyetsa chitseko mpaka choko chinagwa pa shelefu.

Mayi Depyute

Choko chisiyeni pansi pomwepo. Lembani nthawi imene anatuluka, ndipo musonyeze kuti mfundo zotsatira zinakambidwa iwo kulibe. Chofunika n'chimenecho, chifukwa mawa akadzati sanamve zimene munagwirizana, maminitsi adzawavomereza kapena kuwatsutsa. "Mokwiya", "mwamanyazi", "atasowa chonena", zonsezo ndi maganizo anu. Samalaninso ndi "anavomera kuti" ndi "anaulula kuti". Mukalemba kuti anavomera kuti sikimu inagona kosindikizira, wowerenga aganiza kuti munthuyo anapanikizidwa n'kugonja, chonsecho iyeyo ankadziteteza. "Anati" ndi "anafotokoza" n'zokwanira ngakhale zibwerezedwe kakhumi.

Mdala wa Masamu

"Membala wina" ndiye ndani? Mukubisa amene ananeneza koma wonenezedwa mwamutchula udindo, ndipo aliyense akudziwa amene anakonza pepala la Bayoloje. Chilungamo chake chili pati? Lembani liwu ndi liwu, nkhani yatha.

Mayi Depyute

Pamenepo pokha mwanena zoona, akulu. Ngati mmodzi akudziwika, winayonso adziwike, mwa udindo. Koma za liwu ndi liwu ayi. Mlembi analemba pamanja anthu akulankhulirana pamwamba, ndiye mawu enieni awatenga kuti? Akaika mawu m'zizindikiro za mawu ogwidwa n'kuphonya pang'ono, mwini wake adzati sindinatero, ndipo maminitsi onse adzakayikiridwa.

Wa Zinenero

Ine njira yanga ndi yosavuta. Ndimapewa anthu onse: "zinamveka kuti", "kunanenedwa kuti", "msonkhano unadziwitsidwa kuti". Palibe amene amakwiya. Ndalemba choncho kuyambira kale, sindinaitanidwepo ku ofesi.

Sala wa Laibulale

Pa nkhani ya yunifolomu kapena nthawi yofikira ana zimenezo zimayenda, aphunzitsi. Pa chinenezo n'zoopsa. "Msonkhano unadziwitsidwa kuti pepala linagulitsidwa" ikumveka ngati nkhani yotsimikizika kale, ndipo sikusonyeza woti akafunsidwe. Ku sukulu ina imene ndinagwirako zinachitika zotere. Patapita miyezi kunabwera ofufuza, anatsegula fayilo, n'kufunsa kuti anadziwitsa msonkhanowo ndani. Sitafu yonse chete. Amene anavutika ndi mlembi, ankamufunsa ngati kuti nkhaniyo anaipeka yekha. Mayi wa anthu anasiya ulembi tsiku lomwelo, ndipo teremu yonse yotsatira misonkhano inkachitika popanda wolemba, aliyense akukana kugwira cholembera.

Invijileta Wamkulu

Vuto lanu ndi kakhazikidwe ka ana. Ana 62 m'chipinda chimodzi? Agaweni pawiri, madesiki atalikirane, muziwasecha pakhomo, ndipo mphunzitsi asayang'anire phunziro lake lomwe. Ife tinapezapo likasa mkati mwa chivindikiro cha kalikuleta, lina pa rula, lina lolembedwa pa ntchafu. Chiyambireni kusecha, zinatha.

Wa Zinenero

Bwana, mayeso analembedwa kale. Munthuyu akufunsa za maminitsi.

Invijileta Wamkulu

Ndamva. Komabe alembemo kuti kusecha kukhwime.

Mayi Depyute

Ngati sizinakambidwe sangalembemo. Mlembi, maina a ana mwawachita bwanji? Maminitsi a sitafu amayenda m'manja mwambiri, ena amasiyidwa pa tebulo mu sitafurumu, ana otumidwa kukatenga mabuku amawawerenga. Maina 14 aja asalowe. Ngakhale manambala awo a mayeso ndingakonde akhale pa lipoti lapadera la wochonga, losungidwa kwa a hedi, inu mungolozera kuti mndandanda uli mu lipotilo. Anawo sanamvedwebe mbali yawo. Mwina ena anangokopera kwa mnzawo, mwina ena anapatsidwa manotsi osadziwa kumene achokera. Msonkhano wa sitafu si komiti ya mwambo, ndipo maminitsi asaoneke ngati chigamulo.

Ndiye tiuzeni, munagwirizana chiyani kwenikweni?

Mlembi Wotopa

Malikisi a ana 14 aimitsidwe kaye, aphunzitsi atatu afufuze, likasa lija ndi mapepala zisungidwe kwa a depyute. Tsiku lobweretsa lipoti palibe anatchula, anthu anali atayamba kale kunyamula zikwama. Ndiikepo Lachisanu? Komanso mwa atatuwo mmodzi ndi madamu omwe aja.

Mayi Depyute

Musaikepo tsiku lanu. Lembani kuti tsiku lopereka lipoti silinakhazikitsidwe, a hedi akaliona adzachitapo kanthu okha. Pa mfundo iliyonse musonyeze wochita, ndipo pa zosungidwazo mutchule chiwerengero: mapepala 14, kapepala kamodzi, sikimu imodzi. Zikadzasowa mudzadziwa kuti zinalipo zingati.

Za madamuwo kukhala m'gulu lofufuza, ndi vuto lalikulu kuposa funso munabwera nalo. Woneneza sangafufuze chinenezo chake chomwe, chilichonse chimene apeze chidzakanidwa. Koma si inu wokonza zimenezo ndi cholembera. Lembani maina atatuwo mmene anasankhidwira, kenako mukawanong'oneze a hedi pamaso.

Mdala wa Masamu

Zonsezi sizikanavuta mukanajambula mawu pa foni. Ndimanena nthawi zonse. Liwu ndi liwu.

Sala wa Laibulale

Kujambula anthu osawauza, akulu? Yesani muone. Ndipo mukawauza, palibe amene adzalankhule za likasa, onse adzangoti tilibe ndemanga. Kwathu wina anajambula mobisa, mawuwo anafika m'mafoni a makolo dzuwa lisanalowe.

Mdala wa Masamu

Amene akuopa kujambulidwa ali ndi chobisa.

Hedi Wopuma

Ndiwaikire kumbuyo pang'ono a hedi anzangawo, mwana wanga. Sikuti onse amene amati dzina lisaoneke akubisa mlandu. Ena amaopa kuti pepalalo likatuluka kunja, mphunzitsi wonenezedwa adzati sukulu yamuipitsira mbiri. Nkhawayo ndi yoona. Koma "panakambidwa za mayeso" siteteza aliyense, chifukwa mudzalephera kusonyeza kuti malikisi a ana anaimitsidwa pa chifukwa chanji komanso ndani analamula. Kholo limodzi likadzabwera ndi funso limenelo mudzayang'anana.

Wapampando ali ndi ufulu woona maminitsi asanagawidwe ndi kukonza polakwika, koma kukonza si kufufuta zimene zinachitika. Akaumirira, inu musakangane nawo. Sungani zimene munalemba poyamba pamodzi ndi masamba asanuwo, osawakopera pena n'kutaya enieniwo. Madamuwonso sangakane maminitsi ali m'khonde. Adikire msonkhano wotsatira, pa mfundo yovomereza maminitsi, anene chimene chalakwika, anthu agwirizane, kusinthako kulembedwe. Akakana okha, kukana kwawoko n'kumene mulembe. Ndipo bambo anatuluka aja alandire kope lawo nthawi imodzi ndi ena onse.

Wa Zinenero

Koma kunena zoona ine ndikuganiza kuti nkhani ili ku ofesi yosindikizirako. Sikimu imapita kukatani kumeneko mayeso asanalembedwe? Makiyi amasunga ndani?

Invijileta Wamkulu

Eya, ndi zimene ndimanena ine. Kwathu sikimu imakhala ndi mwini wake mpaka pepala lomaliza litatoleredwa. Masamba olakwika posindikiza timawotcha pomwepo, osaponya m'bini. Ana amadziwa bini imeneyo kuposa laibulale.

Sala wa Laibulale

Laibulale muisiye, bwana. Mlembi, a hedi anati bwanji?

Mdala wa Masamu

Akanalemba liwu ndi liwu bwenzi atamaliza dzulo.