Kodi nditengeko theka la penshoni yanga kuti ndisamalire amayi?

Wofunsa: Abale, ndithandizeni nzeru. Ndili ndi zaka 56, ndidzapuma pantchito ndikafika zaka 60. Amayi anga, a zaka 79, amakhala kumudzi ku Dedza ndipo amadwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Mwezi uliwonse ndimatumiza K150,000: K45,000 ya mankhwala akasowa kuchipatala, K50,000 ya mtsikana amene amagona nawo, yotsalayo ya ndiwo ndi njinga yamoto yowatengera kusikelo ya shuga. Alongo anga awiri, wina ali ku Joni, wina mlimi kumudzi komweko, amathandiza akafuna. Ndamva kuti lamulo la penshoni la 2023 limalola kutapa theka la ndalama ngati kwatsala zaka zisanu kuti munthu apume. Zanga zafika K16 miliyoni. Nditape?

Bambo wa ku Zomba: Lamulolo mwalimva bwino, mayi, koma tawerengerani. K150,000 pamwezi ndi K1.8 miliyoni pachaka, ndiye kuti K8 miliyoni idzatha m'zaka zinayi ndi miyezi isanu, mitengo itapanda kukwera, pamene tonse tikukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Ndalamayo idzatha nthawi yomwe malipiro anu adzakhale atangosiya kubwera, amayi ali ndi zaka 83 ndipo akufunabe mankhwala. Penshoni ingatapidwe pa chinthu chochitika kamodzi, monga opaleshoni. Zamwezi ndi mwezi zizichokera m'malipiro, ndipo zigawidwe patatu.

Mayi wa ku Area 25: Alembetseni pa inshuwalansi ya zaumoyo ya kuntchito kwanu, nkhani yonse itha.

Bambo wa ku Zomba: Zingathandize, koma afunse kaye malire a zaka, chifukwa munthu wa zaka 79 amene akudwala kale akhoza kukanidwa, kapena kuuzidwa kuti adikire miyezi ingapo asanayambe kulipiriridwa matenda omwewo.

Mnyamata wa ku Ndirande: Ine agogo ndinawatenga kudzakhala nawo m'tauni, patatha milungu itatu anayamba kulirira nkhuku zawo.

Mayi wa ku Mchinji: Kwathu tinakhala pansi pamaso pa amalume, tinalemba m'kope. Nanunso chitani chimodzimodzi: mlimi asapemphedwe ndalama. Apereke matumba asanu ndi limodzi a chimanga pachaka, nkhuni, ndi kuperekeza amayi kuchipatala. Wa ku Joni atenge malipiro a mtsikana, azitumiza yekha pafoni ya mtsikanayo, kuti akalephera aliyense aziona kuti walephera ndani.

Wofunsa: Zikomo nonse. Akatero ine ndizitumiza K100,000 kapena kucheperapo. Vuto ndi lakuti achimwene a ku Joni ntchito yawo ndi yamaganyu, ndipo chaka chatha anakhala miyezi inayi osatumiza kanthu. Miyezi yotereyo mtsikana ndimulipire ndi chiyani, popeza kubanki mkhonde chiwongoladzanja chathu ndi 20 peresenti pamwezi?