Za msana wanga pantchito ya mbatata: ndabweranso

Mwezi watha ndinafunsa kuti: "Ndimakweza matumba a mbatata ya kachewere mulole kuno ku Dedza, ndipo madzulo msana umakana kuwongoka. Nditani?"

Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinatsata malangizo a mayi uja amene anati ndiyambe ndawerenga maulendo amene ndimanyamula matumba, osati kugula lamba wa msana. Tsiku lina ndinawerengadi: ndinanyamula matumba a makilogalamu 50 maulendo 64, onse kuchokera pansi, ndipo nthawi zonse ndinkapotoka m'chiuno poponya thumba mulole. Vuto lenileni linali kupotokako.

Abwana anavomera kuti tizisanja matumba pathandala lofika m'mawondo. Tsopano timanyamula awiriawiri, wina akuwerenga "wani, thu, firii" kuti tidzukire pamodzi. Ndimapinda mawondo, thumba limakhudza thupi langa, ndipo potembenuka ndimasuntha mapazi.

Sabata yoyamba ntchafu zinawawa kwambiri, ndinangotsala pang'ono kubwerera kuzakale. Zinasiya zokha. Msana sunachiriretu, koma ndikumanga nsapato m'mawa osabuula.

Mnzanu wonyamula naye akhale wa msinkhu wanu. Wanga woyamba anali wamtali, kulemera konse kunkatsikira kwa ine. Ululu ukamatsikira kumwendo kapena phazi likachita dzanzi, pitani kuchipatala, thandala silithandiza pamenepo.